Mazira a mumchenga ndi thovu la pa nthambi: ndi za nyama yanji?

Amayi a Shamimu: Moni nonse. Pali zinthu ziwiri zimene zandizunguza mutu, mwina alipo angandimasulire. Alamu anga amalima dimba m'mbali mwa Shire, kumunsi kwa mlatho, njira yolowera ku Malombe. Sabata yatha akukumba mchenga anapeza mazira oyera, mulu ndithu. Anatengako angapo kubwera nawo kunyumba, ati popeza apezeka kufupi ndi madzi ndiye kuti ndi a nyama ya m'madzi, basi n'kuwaika m'beseni la madzi kuti aone chimene chituluke. Lero besenilo layamba kununkha, tataya. Chinanso n'chakuti kuseri kwathu kuli dzenje limene anyamata ankaumbamo njerwa, ladzaza ndi mvula yayamba ija. Pa nthambi yolendewera pamwamba pa madziwo pamata chithovu choyera, kukula kwake nkhonya ziwiri. Ana akuti ndi malovu a njoka. Ndidule nthambiyo?

Wanjerwa: Dulani mayi, muotche. Ife timazipeza chaka ndi chaka m'maenje athu. Pamene pali thovu limenelo njoka siikhala patali.

Nachisale: Ayi chonde musadule. Njoka siisiya malovu pamtengo. Chimenecho ndi chisa cha chule, muli mazira mkatimo. Ndifotokoza bwino, koma tiyambe ndi mazira a alamu anuwo chifukwa akundidetsa nkhawa. Anali aakulu bwanji? Ozungulira kapena atali? Chigoba chake cholimba kapena chofewa choti n'kubonyeza ndi chala?

Amayi a Shamimu: Aakulu kuposa a nkhuku, ngakhale a bakha sakufikapo. Atali, mbali zonse ziwiri zofanana, palibe kosongoka. Chigoba cholimba gwa. Alamu akuti anali okwiririka kufika m'chigongono, ndipo amene anasiya m'dzenjemo ndi ambiri kuposa amene anatenga.

Agemu Opuma: Mayi, auzeni alamu anu lero lomwe asapitenso pamalo amenewo, ngakhale ana asapite. Amenewo ndi mazira a ng'ona. Ndagwira ntchito m'mbali mwa Shire zaka zambiri, zizindikiro zonse mwanenazi n'zake. Dzira la ng'ona limatalika masentimita 7 kapena 8, ndi lolimba, ndipo ng'ona imodzi imaikira kuyambira 25 mpaka 80 m'dzenje limodzi. Imakumba pamchenga wokwera, pamene madzi sasefukirapo, ndipo nyengo yake ndi inoyi, chilimwe chikamatha. Mwini mazira sapita patali. Amagona pafupi, m'bango kapena m'madzi moyang'ana chisacho, pafupifupi miyezi itatu yathunthu, kudya kwake kosadziwika. Alamu anu aja anangochita mwayi kuti anafika nthawi imene inali itatsikira kumadzi kukazizidwa.

Komanso adziwe kuti ng'ona ndi nyama yotetezedwa ndi lamulo, kutenga mazira ake popanda chilolezo ndi mlandu. Akadziwitse amfumu ndi a nthambi yoona za nyama zakutchire, makamaka poti chisacho chili m'mbali mwa madimba a anthu.

Amayi a Shamimu: Mayo ine! Ndawaimbira pompano. Koma bambo, ng'ona si ya m'madzi? Nanga mazira ake aoleranji m'madzi?

Aphunzitsi a ku Namwera: Apa ndi pamene pali phunziro limene timawapatsa ana. Pali gulu la achule, ndiye pali gulu la zokwawa monga njoka, buluzi, fulu ndi ng'ona. Achule ndi a m'madzi, zokwawa ndi za pamtunda. N'chifukwa chake mazira a zokwawa safuna madzi.

Che Matchera: Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, pamenepo ndakana. Ine ndakulira pa Malombe. Ng'ona imagona m'madzi, imadyera m'madzi. Nkhasi ndimaikola m'matchera pakati penipeni pa nyanja. Ng'azi imasambira kuposa ine. Pamene chule uja wa nsungunsungu ndimamupeza pakhonde panga usiku akudya ngumbi pansi pa nyale, kutali ndi nyanja. Ndiye wa m'madzi ndani, wa pamtunda ndani?

Aphunzitsi a ku Namwera: Mwandigwira pakamwa achimwene, koma pa mayeso timalemba choncho.

Nachisale: Aphunzitsi sanalakwe zonse, kungoti kumene nyama imaswera tsiku sikumene kumatiuza gulu lake. Funso labwino n'lakuti dzira lake limapeza kuti madzi. Mwana aliyense akamaumbika amafuna kukhala m'madzi, kaya ndi wa chule kaya ndi wa ng'ona. Kusiyana n'kwakuti ng'ona imamulongedzera madziwo mkati mwa dzira. M'chigobamo muli kathumba ka madzi kamene mwanayo amayandamamo, muli chakudya chake chachikasu chija, mulinso kathumba kena kotayiramo zoipa. Madzi ali nawo kale. Chimene alibe ndi mpweya, ndipo umenewo amaukoka panja kudzera m'timabowo ting'onoting'ono ta m'chigoba, tosaoneka ndi maso. Mchenga umalola mpweya kudutsa, ndiye akapuma. Mukalimiza dziralo m'beseni mwatseka timabowo tija, mwanayo amabanika n'kufa, kenako kuola. Alamu anu anawamiza ana a ng'ona aja, mayi, ngakhale ankafuna kuwachitira chifundo.

Dzira la chule lilibe chigoba. Ndi kadontho kakuda kokutidwa ndi zoterera zoonekera mkati, ndipo madzi ndi mpweya zimangolowa n'kutuluka momasuka. Limenelo mukalivuula n'kuliika pamchenga, dzuwa la kuno lisanapendeke lauma. Ndiye beseni limene linapha mazira a ng'ona likanasunga a chule, mchenga umene unkasunga a ng'ona ukanapha a chule.

Agemu Opuma: Zoona zimenezo. Chaka chimene madzi a Shire akwera msanga, zisa zimene zili m'munsi zimamira ndipo simutuluka kanthu. Ndiwonjezereponso china. Ngakhale alamuwo akanapanda kuwaika m'madzi, mwina anali atafa kale panjira. Dzira la nkhuku make amalitembenuza, ndipo limafuna zimenezo. La ng'ona ayi. Likangotha tsiku limodzi kapena awiri, kamwanako kamamatirira kumtunda kwa chigoba. Mukaligudubuza kamathothoka kapena kupsinjika ndi chachikasu chija. Oweta ng'ona akamatola mazira amayamba alemba chizindikiro pamwamba ndi pensulo, n'kuwanyamula osawatembenuza. Mayi, munaona ngati mazirawo anali ndi mkombero woyera kwambiri pakati, wozungulira dzira lonse?

Amayi a Shamimu: Ee, unalipo! Ine ndimayesa ndi dothi lachita kuuma.

Agemu Opuma: Ndiye kuti anali amoyo pamene ankafukulidwa. Mkombero umenewo umayamba ngati kadontho pamene mwana wamatirira, n'kumakula mpaka kuzinga dzira, pambuyo pake n'kufalikira kumapeto. Dzira lopanda mwana silichita zimenezo. Tikafuna kudziwa ngati chisa n'chatsopano kapena chakhalitsa timayang'ana kukula kwa mkomberowo.

Fomu 3: Agogo, n'zoona kuti ng'ona imakhala yamphongo kapena yaikazi malinga ndi kutentha? Anzanga akuti ndi bodza.

Agemu Opuma: Si bodza mwana wanga. Mchenga ukatentha pakati pa madigiri 32 ndi 34 zimachuluka zamphongo, ukazizirako zimatuluka zazikazi. Chisa chimodzi chomwecho, mazira a pamwamba ndi a pansi akhoza kusiyana. Nthawi ikakwana ana amalira ali m'dzira momwemo, make n'kumva, kufukula, kuwanyamula m'kamwa kupita nawo kumadzi. Amatuluka ali ng'ona kale, mano, mamba, zonse, kungoti ang'onoang'ono, ndipo mpweya woyamba amaukokera m'mapapo.

Nachisale: Mawu omalizawo muwasunge, Fomu 3, chifukwa wa chule satuluka ali chule. Tibwerere ku thovu lija. Mwini wake ndi chule wa m'mitengo, wotuwa, wa zala zokhala ndi timipira kumapeto. Mvula ikadzaza dzenje, usiku wamkazi amakwera nthambi yolunjika pamwamba pa madzi, amatulutsa madzi oterera n'kumawapuntha ndi miyendo yakumbuyo mpaka achite thovu. Amphongo amabwera angapo, onse n'kumapalasa nawo. Ntchitoyi imatha usiku wonse, ndipo wamkaziyo amatsika kangapo kukatunga madzi ndi thupi lake, kukweranso, kupitiriza. Mazira mazanamazana amaikiridwa mkati mwa thovulo. Kukacha dzuwa limaumitsa kunja kokha, kuchita kachikhakha, mkati muli chinyontho. Pakatha masiku anayi mpaka asanu ndi limodzi ambululu aswa, thovu lafewa kunsi, amangogwera m'madzi okha.

Ndiye ngakhale chule amene wakwera mumtengo sanathawe lamulo lija. Dzira lake likufunabe chinyontho chochokera kunja, n'chifukwa chake wavutika kulipangira, ndipo mbululu wake akufunabe dziwe pansi. Chimene wapindula n'chakuti masiku oyamba aja mazira ali kutali ndi nsomba ndi tizilombo ta m'madzi.

Wanjerwa: Nanga njoka zimene ndimaziona pamenepo ndikunama?

Nachisale: Simukunama achimwene. Pamene pasonkhana achule njoka imabwera kudzadya. Koma si mwini thovu. Mukadula nthambi achule a m'dzenjemo sachoka, njokanso siichoka.

Amayi a Shamimu: Ndapita kukaona. Kunja kwauma ndithu, kwayamba kuoneka kwachikasu. Koma madzi aphwa pang'ono, ndipo pansi pa nthambiyo tsopano pali matope okhaokha.

Nachisale: Limenelo ndiye tsoka lawo lalikulu. Make anayeza madzi a usiku umene uja, sanadziwe kuti kuno dzuwa limamwa dzenje m'masiku ochepa. Akagwera pamatope ouma afa, chifukwa mbululu amapuma ndi makha ngati nsomba, mapapo amabwera pambuyo pamodzi ndi miyendo. Ngati ana akufuna kuona, ikani beseni pansi pa thovulo, mutungiremo madzi a m'dzenje momwemo. Asakhale a pampopi, mankhwala ophera tizilombo aja amawapha. Beseni likhale lotsukidwa bwino lopanda sopo. Akagweramo mukawathire mbali imene kuli madzi ambiri.

Che Matchera: Beseni lomwe lija lapha ng'ona lipulumutse achule! Koma ine langa ndi la kupuma. Ng'ona ikakodwa m'matchera usiku, m'mawa timaipeza yakufa. Anthu amati yafa ndi ukali. Nyama yokhala m'madzi ingamire bwanji?

Agemu Opuma: Imamira ndithu, achimwene. Ng'ona ilibe njira ina yopumira koma mapapo. Imangodziwa kusunga mpweya. Nthawi zambiri imamira mphindi zochepa n'kutulutsa mphuno, koma ikangokhala phee pansi osagwedezeka ikhoza kupitirira ola, chifukwa mtima umagunda pang'onopang'ono. Ikakodwa imaphiriphitha, mpweya uja n'kutha msanga, ndipo ukonde ukaikaniza kufika pamwamba yapita. Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti imayasamula m'madzi osatsamwa. Kukhosi kwake kuli kachitseko ka mnofu kamene kamatseka, ndiye madzi adzaza m'kamwa koma salowa kumapapo, mphuno zili pamwamba zikukoka mpweya.

Fomu 3: Ndiye chule yekha ndi amene sangamire, poti amapumira pakhungu?

Nachisale: Pang'onopang'ono. Amapumira pakhungu, inde. Khungu lake ndi lopyapyala, lonyowa nthawi zonse, ndipo pansi pake pomwepo pali timitsempha ta magazi tambirimbiri. Mpweya umasungunuka m'chinyonthocho n'kulowa m'magazi, woipa n'kutulukira pomwepo. Koma wolowa njira imeneyi ndi wochepa. Umakwanira chule amene wangokhala duu m'madzi ozizira. Madzi ofunda amasunga mpweya wochepa, pamene thupi la chule likafunda limafuna wambiri. Ndiye m'madzi a kuno khungu lokha silimufikitsa patali, ayenera kutulukira kudzadzaza mapapo. Munthu amene anavuulapo chule wakufa m'chitsime kapena m'mgolo wa madzi akudziwa. Analowa, anasowa pokwera, anasambira mpaka kutopa.

Usiku uno mukapeza chule pakhonde mumuyang'anitsitse kukhosi. Muona pakugunda mosalekeza. Chule alibe nthiti zofutukula chifuwa, ndiye sangakoke mpweya ngati ife. Amatsitsa pansi pa kamwa, mpweya n'kulowera m'mphuno kudzaza m'kamwa, kenako amatseka mphuno, n'kukweza pansi pa kamwa paja kuukankhira kumapapo. Amachita kuumeza mpweyawo. Kukamwa kukakhala koyasamula sangadzaze mapapo. Mukatero muyang'ane buluzi pakhoma. Iye zimagunda ndi nthiti, m'mbali, kuseri kwa miyendo yakutsogolo.

Anganga a ku Malindi: Ine funso langa ndi lina. Galu wa mdzukulu wanga analuma chule dzana, anatuluka thovu kukamwa ngati wachiwewe. Kodi ndi thovu lomwelo mukunenali? Timuphe?

Nachisale: Ayi anganga, ndi nkhani ina, koma yafika pabwino. Ngati munaona ndi maso kuti analuma chule, thovu linayamba pomwepo n'kutha tsiku lomwelo, ndiye ndi khungu la chuleyo. Wa nsungunsungu uja ali ndi zotupa ziwiri kuseri kwa maso, akapanikizidwa zimatulutsa madzi oyera owawa kwambiri. Galu amatuluka dovu, kupukusa mutu, kupala kukamwa. Mankhwala ake n'kumupukuta m'kamwa ndi kansalu konyowa kangapo, mutu utaweramitsidwa. Koma ngati akupitiriza mpaka lero, kapena wasintha khalidwe, mumangeni patali ndi ana mukaitane alangizi a ziweto. Za chiwewe sitiyerekeza.

Anganga a ku Malindi: Ali bwinobwino, akudya. Zikomo mwana wanga.

Aphunzitsi a ku Namwera: Ndiye pa khungu tinganene kuti la chule ndi lonyowa, la zokwawa ndi louma la mamba. Pamenepa Che Matchera sanditsutsa.

Wanjerwa: Ine ndikutsutsani. Njoka imanyezimira, ndi yoterera.

Agemu Opuma: Munaigwirapo achimwene? Nsato ndaigwirapo kambiri pochotsa m'makola a anthu. Ndi youma gwa, yosalala basi, m'manja simutsala kanthu. Kunyezimirako ndi kwa mamba. Mambawo ndi khungu lomwelo lachita kulimba, zopangira zake n'zofanana ndi za zikhadabo zathu, ndipo ntchito yake n'kutsekera madzi m'thupi. N'chifukwa chake gulo amagona pathanthwe masana a Okutobala ku Monkey Bay osauma. Muikepo chule pamenepo muone.

Nachisale: Ndipo khungu lotseguka lija lili ndi ubwino wake. Chule samwa madzi ndi pakamwa. Amakhazika mimba pamalo onyowa, madzi n'kulowera pakhungu la pansi, pakati pa ntchafu. Koma polowa madzi pamalowanso china chilichonse chasungunuka m'madzimo: mchere, sopo, fetereza, mankhwala opopera mbewu. Amene amatsukira mpope wopopera m'chithaphwi, mawa lake akapeza ambululu atayandama asadabwe. Buluzi akhoza kudutsa pamadzi omwewo osamva kanthu, pokhapokha atamwa kapena kudya tizilombo tofa ndi mankhwalawo.

Che Matchera: Mwina n'chifukwa chake achule achepa. Tili ana, mvula yoyamba ikagwa kudambo sikunkamveka kulankhulana. Pano phokoso lake ndi la manyazi.

Aphunzitsi a ku Namwera: Kwathu kumtunda kuno akulira monga kale. Mwina makutu ndi amene akalamba, achimwene.

Che Matchera: Makutu anga ali bwino, injini ya boti ndimaimva isanatulukire. Madambo aja anthu alima mpunga n'kumanga nyumba, ndi zimene ndikuona ine.

Nachisale: Zonse ziwiri n'zotheka, mankhwala ndi kutha kwa madambo, ndipo malo amasiyana. Kuti tigamule pafunika munthu wowerenga dambo limodzi zaka zingapo, osati kukumbukira kwa inu ndi ine.

Fomu 3: Koma ngati khungu la chule limataya madzi choncho, chilimwe chonse amakhala kuti? Kwathu ku Makanjira kumauma mpaka nthaka kung'aluka, koma mvula ikangogwa usiku umodzi achule mbwee. Agogo amati amagwa ndi mvula.

Nachisale: Amatuluka pansi. Madzi akamaphwa ambiri amalowa m'ming'alu, m'mauna, pansi pa zipika, kulikonse kumene kwatsala chinyontho. Thesi ndiye katswiri. Amadzikwirira m'matope akadali ofewa, kenako amafundula khungu koma osalitaya, lina pamwamba pa linzake, mpaka lichite chikuto chouma chokuta thupi lonse kusiya mphuno zokha. M'chikhodzodzo amasungamo madzi amene thupi limamwanso pang'onopang'ono. Amatha miyezi yambiri ali choncho. Mvula yamphamvu ikalowa pansi chikutocho chimafewa, iye n'kutuluka, ndipo zonse amachita mothamanga chifukwa chithaphwi sichidikira: kukwerana, kuikira, ndipo ambululu ake amasanduka achule pasanathe mwezi. Wamphongo amawalondera, madzi akamaphwa amakumba kangalande ndi miyendo kuwatsegulira njira yopita kumene kuli madzi ambiri.

Chule wa thovu uja ndiye amachita zodabwitsa zina. Amakhala poyera panthambi ngakhale kukutentha, miyendo atapinda pansi pa mimba, thupi litayera mbee kuti lisakoke dzuwa. Khungu la kumsana kwake limataya madzi pang'ono kwambiri, pafupifupi ngati la buluzi, ndipo m'malo mokodza madzi ambiri amatulutsa zoyera zolimba zija mumaziona ku zitosi za nalimata. Amayi a Shamimu, mukayang'ana bwino mumtengomo kapena pansi pa denga mumupeza, anthu ambiri amamupitirira.

Che Matchera: Ndiye aphunzitsi, lamulo lanu la khungu nalonso labooka. Chule wouma uyo. Ndipo ine ndiwonjezere nkhasi ija ya chigoba chofewa, yachikopa, imene timakola kuno. Ilibe mamba, ndi yoterera, ndipo m'matchera nthawi zina timaipeza yamoyo pamene ng'ona ikanafa kale. Imeneyo si ya gulu la achule?

Agemu Opuma: Ndi yokwawa ndithu. Umboni wake, imatuluka kukaikira pamchenga, mazira ozungulira a chigoba cholimba, ndipo ana amatuluka ali nkhasi kale. Za kupirira kwake m'madzi ndikusiyirani achemwali.

Nachisale: Afulu a m'madzi a zigoba zofewa amatha kutapako mpweya pang'ono m'madzi kudzera kukhosi ndi pakhungu, ndiye amapirira kuposa anzawo. Koma mapapo ndiwo eni ntchito, akakhalitsa amamira. Kuti ya kuno imapirira maola angati, Che Matchera ndi amene angatiuze.

Che Matchera: Zimatengera. Nyengo ya mwera madzi akazizira zimapirira, nyengo ino zambiri timapeza zafa. Anzanga ena amati zimatengera nthawi imene yakodwa, ya m'bandakucha ndi imene timaipeza yamoyo. Timakangana mpaka lero.

Fomu 3: Ndiye ndilembe kuti achule onse amaikira m'madzi n'kukhala ndi ambululu, zokwawa zonse zimaikira pamtunda?

Nachisale: Mawu akuti onse ndi amene angakugwetse. Finye amaikira m'kauna pansi panthaka, mazira ochepa akuluakulu, ndipo ana amakulira momwemo mpaka kutuluka ali timafinye, osaona dziwe. Koma kaunako kayenera kukhala konyowa, ndipo dziralo chigoba lilibe. Mbali ya zokwawa, mphiri siikira n'komwe, imasunga mazira m'mimba n'kubereka ana amoyo makumi angapo nthawi imodzi. Chimene sudzapeza kuno kwathu ndi chokwawa choikira m'madzi, kapena chokhala ndi mwana wopuma ndi makha. Sudzapezanso chule woikira dzira la chigoba.

Agemu Opuma: Ng'azi, imene Che Matchera akuti imawaposa kusambira, imakwera kumtunda nyengo ya mvula n'kukaboola chulu chamoyo, kuikira mkatimo. Chiswe chimamata bowolo chokha, mazira n'kukhala motentha bwino, mwachinyontho koma mosamira. Ng'azi yomweyo ndi mbala yaikulu ya mazira a ng'ona. Chisa cha kudimba chija, popeza chafukulidwa n'kusiyidwa, ikanunkhiza ifikapo, ndipo make akhala wolusa kuposa kale.

Amayi a Shamimu: Alamu ayankha. Akuti amfumu awauza kale, ndipo anthu amadimba oyandikana nawo agwirizana kuti azitunga madzi kumtunda kwake. Koma akudandaula chimanga chawo, chili pafupi kukhwima. Akufunsa kuti adikire mpaka liti.

Agemu Opuma: Zitengera kukula kwa mkombero uja. Ngati unali wopyapyala pakati pokha, chisacho n'chatsopano, ndiye awerenge miyezi iwiri ndi theka kapena itatu, kufika chakumapeto kwa Febuluwale. Ndipo ana akaswa make amakhala nawobe pamadzi osaya pafupi pomwepo kwa masabata angapo, imeneyonso ndi nthawi yoopsa. Chimanga akakolole pokhapokha a zanyama atabwera kudzaona mtunda wa pakati pa chisa ndi dimba. Asapite okha, asapite m'mamawa kapena madzulo, ndipo asadutse pakati pa chisa ndi madzi. Mundiuze kuti kuchokera pachisa kufika pamzere woyamba wa chimanga ndi mapazi angati.

Amayi a Shamimu: Ndiwafunsa akabwera. Beseni ndaika kale pansi pa nthambi, ana akulondera mosinthana.

Wanjerwa: Dzenjelo ndi lathu, tikufuna kuyambanso kuumba mvula ikadukiza. Achule anuwo atuluka liti?

Nachisale: Kugwa agwa sabata ino. Kuti amere miyendo n'kuchoka, apatseni mwezi ndi theka kapena iwiri, ngati madzi akhalepo. Dothi kumbani mbali inayo.